Kusintha tebulo la mizere mabiliyoni awiri anthu akulembamo

M'mawa wa pa 8 Novembala 2018, anthu ogwiritsa ntchito Basecamp, pulogalamu ya pa intaneti yomwe makampani amagawiranapo ntchito, anapeza kuti akutha kuwerenga mauthenga akale koma sakutha kulemba chatsopano chilichonse. Zinakhala choncho kwa maola pafupifupi asanu. Panalibe mbava yomwe inathyola, ndipo makina onse anali bwinobwino. Zinangotha ndi nambala.

Basecamp imasunga zinthu zake mu detabesi ya MySQL. Mkati mwa detabesi muli matebulo, tebulo lililonse lili ndi mizere ndi makolamu, ndipo mzere uliwonse umapatsidwa nambala yakeyake. M'tebulo lomwe limalemba pafupifupi chilichonse chochitika mu Basecamp, kolamu ya nambalayo inali ya mtundu wa `INT`, umene umakafika pa 2,147,483,647 n'kuthera pomwepo. Mzere wotsatira unasowa nambala, detabesi n'kukana kuulandira. Mankhwala ake ndi odziwika: kusintha kolamuyo kuti ikhale `BIGINT`, yomwe malire ake ndi nambala ya madijiti 19. Chomvetsa chisoni n'chakuti Rails, chida chopangira mapulogalamu chomwe chinabadwira ku Basecamp komweko, chinali chitayamba kale kugwiritsa ntchito nambala zazikuluzi pa matebulo atsopano mu 2017. Tebulo lakale lija linatsala momwe linalili.

Kusintha kapangidwe ka tebulo kotereku akatswiri amakutcha kusintha sikima, ndipo lamulo lake ndi la mzere umodzi:

```
ALTER TABLE events MODIFY id BIGINT NOT NULL AUTO_INCREMENT;
```

Pa tebulo la mizere zikwi zochepa, lamuloli limatha munthu asanachotse chala pa batani. Pa tebulo la mizere mabiliyoni awiri ndi nkhani ina. `INT` imatenga mabaiti 4 pomwe `BIGINT` imatenga 8, choncho MySQL iyenera kulembanso mzere uliwonse, ndipo nthawi yonse imene ikutero salola aliyense kulemba m'tebulomo. Kuyambira MySQL 8.0.12 ya mu 2018, kuwonjezera kolamu yatsopano kumatheka nthawi yomweyo, koma kusintha mtundu wa kolamu kumafunabe kukopera tebulo lonse. Kwa kampani yomwe ili ndi makasitomala ku Tokyo, ku London ndi ku Chicago, palibe usiku umene onse agona kuti itseke n'kukonza.

Vutoli likufanana ndi la mwini golosale yemwe buku lake la ngongole ladzaza mizere yothinana, ndipo akufuna kusamutsira zonse m'buku lalikulu popanda kutseka golosaleyo. Akamakopera tsamba la 40, wina akubwera kudzalipira ngongole ya pa tsamba 12 lomwe wakopera kale, winanso akutenga shuga n'kulembetsa pa tsamba lomaliza. Kukoperako n'kosavuta. Mutu umazungulira pofuna kuti buku latsopano lisatsalire m'mbuyo.

Njira yomwe inatchuka poyamba, monga ya Facebook ya mu 2010 ndi ya `pt-online-schema-change` ya kampani ya Percona, imadalira mathiriga. Thiriga ndi kalamulo komata pa tebulo konena kuti chilichonse cholembedwa muno chilembedwenso m'tebulo lina nthawi yomweyo. Imagwira ntchito, ndipo ambiri akuigwiritsabe. Koma kulemba kulikonse kwa kasitomala kumasenza katundu wachiwiri, ndipo seva ikalemedwa munthu angathe kuimitsa kukopera kokha. Mathiriga sangawaimitse, chifukwa akatero tebulo latsopano liphonya zina.

Mu Ogasiti 2016, GitHub, komwe opanga mapulogalamu mamiliyoni amasungako ntchito zawo, inatulutsa chida chake chotchedwa `gh-ost`, chomwe Shlomi Noach anatsogolera pochilemba. Nzeru yake inali yosiya mathiriga n'kumawerenga `binlog`. Iyi ndi fayilo yomwe MySQL imalembamo kale kusintha kulikonse motsatana, kuti maseva othandizira, omwe amasunga makope a detabesi, azitsanzira seva yaikulu. Chida cha `gh-ost` chimadzionetsa ngati imodzi mwa maseva othandizirawo, n'kumamvetsera.

Chikayamba, chimapanga tebulo lopanda kanthu lofanana ndi lakale, lomwe pa chitsanzo chathu dzina lake likhala `_events_gho`, n'kulisintha sikima. Poti mulibe mzere ngakhale umodzi, zimenezi sizitenga nthawi. Kenako chimaona nambala yoyamba ndi yomaliza ya tebulo lakale, n'kuyamba kukopera m'magawo a mizere 1,000. Uku chikukopera, uku chikutenga zonse zatsopano zopezeka mu `binlog` n'kumazilemba m'tebulo latsopanolo.

Apa ndi pamene pagona luso, chifukwa ntchito ziwirizi zitha kuwombana pa mzere umodzi. Tinene kuti kukopera kwafika pa mzere wa 5,000,000. Kasitomala akusintha mzere wa 3,000, womwe unakoperedwa kalekale: `binlog` ibweretsa kusinthako, ndipo kope lake likonzedwa. Wina akusintha mzere wa 9,000,000, womwe sunafikidwe: lamulo losintha silipeza kanthu m'tebulo latsopano, koma palibe chatayika, chifukwa kukopera kukadzafika pamenepo kudzatenga mzerewo uli wosinthidwa kale. Akaufufuta, kukopera sikudzaupeza n'komwe. Nanga mzere ukalowa m'tebulo latsopano kudzera mu `binlog`, kukopera n'kudzaupezanso? Pokopera, `gh-ost` imagwiritsa ntchito `INSERT IGNORE`, kutanthauza kuti ikapeza mzerewo ulipo kale iusiye. Polemba mzere watsopano wochokera mu `binlog` imagwiritsa ntchito `REPLACE INTO`, kutanthauza kuti ichotse chomwe chilipo n'kuikapo ichi. Pakakhala mkangano, cha mu `binlog` ndicho chimapambana.

Nthawi yake munthu atha kuiwerengera yekha. Mizere mabiliyoni awiri m'magawo a 1,000 ndi magawo 2,000,000. Ngati magawo khumi akutha pa sekondi imodzi, ntchito yonse itenga masekondi 200,000, omwe ndi maola opitirira 55. Uku n'kungoyerekeza, ndipo kukuganiza kuti palibe kupuma. Koma kupuma kumakhalapo, ndipo n'kwadala. Maseva othandizira aja ndi amene amayankha anthu ambiri owerenga, ndiye akatsalira m'mbuyo, munthu amalemba uthenga n'kusauona pa sikirini yake. Pa chifukwa ichi `gh-ost` imayeza kutsalirako mosalekeza, ndipo kukapitirira sekondi imodzi ndi theka imaima kaye mpaka maseva apezane. Poti palibe mathiriga, ikaima yaimadi: imangokumbukira pomwe inalekezera mu `binlog`.

Injiniya amalamula chidachi motere, kupatula dzina la seva ndi mawu achinsinsi:

```
gh-ost --database=app --table=events \
  --alter="MODIFY id BIGINT NOT NULL AUTO_INCREMENT" \
  --chunk-size=1000 --max-lag-millis=1500 \
  --postpone-cut-over-flag-file=/tmp/ghost.postpone \
  --execute
```

Popanda `--execute`, chidachi chimangoyesa ngati zonse zili m'malo, osakopera kanthu. Mzere wa `postpone` ndi wofunika kuposa momwe ukuonekera. Kukopera kwa masiku awiri kutha kuthera 3 koloko usiku wa Lamlungu aliyense ali m'tulo. Malinga ngati fayilo yotchulidwayo ilipo, `gh-ost` siichita gawo lomaliza. Imangopitiriza kutsatira `binlog` mpaka munthu abwere, amwe tiyi, aitane anzake, n'kuifufuta fayiloyo ali maso.

Gawo lomalizalo ndi kusinthanitsa maina. Tebulo lakale limatsekedwa, zotsalira zochepa za mu `binlog` zimalembedwa, kenako `events` imasanduka `_events_del` ndipo `_events_gho` imasanduka `events`. Zikayenda bwino, olemba amangodikira kamphindi osadziwa kuti pansi pawo pasintha. Kunena zoona, mawu akuti "popanda kuimitsa" akukokomeza pang'ono: kuima kulipo, koma n'kwa sekondi kapena ziwiri, ndipo zopempha za anthu zimadikira pamzere m'malo mokanidwa.

Ngozi yaikulu ili pomwepa. Kuti MySQL itseke tebulo, iyenera kudikira onse amene akuligwiritsa ntchito amalize. Ngati wina mu ofesi wayambitsa lipoti lotenga mphindi khumi pa tebulo lomwelo, kutsekako kumaima kudikira lipotilo, ndipo kulemba kwa anthu ena onse kumaima kumbuyo kwake. Injiniya akayang'ana ndi `SHOW PROCESSLIST` amaona mizere yambirimbiri yonena chimodzimodzi: `Waiting for table metadata lock`. Pofuna kupewa zimenezi, `gh-ost` imadikira masekondi atatu okha. Ikalephera imamasula tebulo, mzere wa odikira n'kuyenda, ndipo imayesanso pambuyo pake.

Ngakhale eni ake a chidachi anapsapo. Pa 27 Novembala 2021, GitHub inali kumaliza kusintha sikima ya tebulo lina lalikulu. Pa gawo losintha dzina, maseva othandizira ambiri anakodwa, mbali zosiyanasiyana za MySQL zikudikirana popanda yoyamba kusuntha, mpaka anagwa. Otsalawo analemedwa ndi owerenga onse amene anathamangira kwa iwo. Vutolo linatenga maola awiri ndi mphindi 50, ndipo kampaniyo inayamba yaimitsa kusintha masikima kuti imvetse chomwe chinachitika. Chida chomwechi chili ndi njira ya `--test-on-replica`, yoyeserera ntchito yonse pa seva yothandizira n'kusiya matebulo awiriwo kuti munthu awayerekeze, ndipo wanzeru amayambira pamenepo, ngakhale kuti seva yoyeserera sisenza katundu wofanana ndi wa tsiku lenileni.

Palinso zina zofunika kuziona ntchito isanayambe. Disiki iyenera kukhala ndi malo a tebulo lachiwiri lathunthu, lomwe pano likhala lokulirapo, komanso a `binlog` yomwe imafufuma chifukwa cha kukoperako. Matebulo omangirirana ndi lamulo la `FOREIGN KEY` chidachi chimawakana. Ndipo kukulitsa kolamu ya `id` yokha sikukwanira. Ngati tebulo lina limasunga nambala za `events` mu kolamu ya `INT`, tsiku limene nambala idzadutse 2,147,483,647 vuto lidzangosamukira kumeneko, choncho makolamu onse otero ayenera kukulitsidwa malirewo asanafike.

Tebulo lakale `gh-ost` silifufuta yokha, pokhapokha itauzidwa ndi `--ok-to-drop-table`. Limakhala pamenepo ndi dzina lake la `_events_del`, koma silolandiranso zatsopano, ndiye kubwererako patapita ola limodzi ndi kutaya zonse zolembedwa mu olalo. Kulifufuta nakonso kumafuna nthawi yake, chifukwa kuchotsa fayilo ya magigabaiti mazanamazana kamodzin'kamodzi kutha kuimitsa seva kwa kanthawi. Ena amayamba achotsamo mizere pang'onopang'ono kwa masiku angapo, n'kudzalifufuta litapepuka, pa ola limene anthu olemba ali ochepa.