Uthenga Wotsala Pakhomo Mwini Atachoka

Mu Okutobala 2008, mumzinda wa Swansea ku Wales, anthu anaona chikwangwani chatsopano pafupi ndi sitolo ina yaikulu m'dera la Morriston. Mawu a pamwamba, a m'Chingerezi, ankaletsa malole akuluakulu kulowa mumsewu wa m'dera lokhala anthu. Mawu a pansi, a m'Chiwelishi, sankanena za malole. Ankanena kuti mwini wake sali mu ofesi pakadali pano, ndipo amene ali ndi ntchito yofuna kumasulira aitumize.

Zikwangwani za m'misewu ku Wales zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri, choncho wogwira ntchito kukhonsolo anatumiza mawu a Chingerezi aja pa imelo kwa omasulira. Yankho linabwera mwamsanga, m'Chiwelishi. Iye poti Chiwelishi sankachidziwa, anaganiza kuti ntchito yatheka, ndipo mawuwo anakasindikizidwa pachikwangwani. Chimene analandira sichinali kumasulira konse, unali uthenga umene kompyuta imayankha yokha mwini wake akachoka. Zithunzi zitafika ku magazini ya Chiwelishi ya Golwg, akhonsolo anakachizula chikwangwanicho.

Nkhaniyi imaseketsa, koma cholakwacho n'chosavuta kuchichita. Kompyuta siidziwa chilankhulo chimene wolemba kalata amamva. Imangotenga mawu amene mwini anasiya n'kuwapereka kwa aliyense, monga mwana amene wauzidwa kuti alendo akabwera anene kuti “bambo apita kumunda”. Uthenga wa ku Swansea uja ukanakhala ndi mzere umodzi wokha wa Chingerezi, wolandirayo akanazindikira kuti palibe munthu amene wamuyankha. Masiku ano mabungwe ambiri aboma ku Wales amatsatira malamulo ochokera mu lamulo la chilankhulo cha Chiwelishi la 2011, ndipo uthenga wotere amaulemba m'zilankhulo zonse ziwiri. Ku Canada nako ogwira ntchito m'boma ambiri amaulemba m'Chingerezi ndi m'Chifalansa.

Kwathu kuno nkhaniyi imawakhudza kwambiri anthu amene ntchito yawo imawoloka malire. Katundu wambiri wa Malawi amadzera kumadoko a Beira ndi Nacala, kumene ntchito imayenda m'Chipwitikizi. Ndiye tiyerekeze mayi wogwira ntchito pakampani yoombola katundu ku Blantyre. Tsiku lililonse amalandira maimelo ochokera kwa eni katundu kuno kumudzi ndi kwa anzake a ku Beira. Wapatsidwa tchuthi cha masabata awiri, kuyambira Lolemba pa 22 Juni 2026 kufikira Lachisanu pa 3 Julayi.

Woyamba kum'pusitsa ndi kalendala. Iye akuwerenga kuti tchuthi chikatha Lachisanu, abwerera Lolemba pa 6 Julayi. Koma pa 6 Julayi ndi tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, maofesi amakhala otseka. Tsiku lenileni limene adzakhale pampando ndi Lachiwiri pa 7 Julayi, ndipo ndi limeneli loyenera kulembedwa. Munthu wa ku Beira alibe chifukwa chodziwira maholide a ku Malawi. Akauzidwa pa 6, adzadikira yankho tsiku lonse, kontena ili padoko ikuwerengeredwa ndalama zosungira.

Kenako pali mawu akuti “mpaka”. Munthu akalemba kuti “sindili mu ofesi mpaka Lachiwiri”, ena amamva kuti Lachiwiri akhalapo, ena amamva kuti Lachiwirilo salipo, abwera Lachitatu. Kusamveka kumeneku kuliponso m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, ndipo kukhoza kuchititsa kuti mbali ziwiri za uthenga umodzi zimveke mosiyana. Njira yake ndi kusiya kunena za kusakhalapo n'kunena za kubwera: “Ndidzayambanso ntchito Lachiwiri pa 7 Julayi 2026.” Mwezi ulembedwe m'mawu. Kulemba 6/7 kapena 7/6 n'kudzikolezera moto, chifukwa ife timayamba ndi tsiku pomwe Amereka amayamba ndi mwezi, moti 6/7 kwa iwo ndi pa 7 Juni.

Msampha umene ndimaukonda kuutchula ndi wa mayina a masiku, chifukwa umagwira makamaka ife olankhula Chichewa. Ife timawerenga kuyambira Lolemba: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Apwitikizi nawo amawerenga masiku ndi manambala, koma amayambira Lamulungu. Kwa iwo Lolemba ndi tsiku lachiwiri, ndiye `segunda-feira`, kutanthauza “lachiwiri”, ndi Lolemba lathu. Lachiwiri lathu ndi `terça-feira`, kutanthauza “lachitatu”. Mayi wathu, amene Chipwitikizi chake anachitola pafoni ndi madalaivala a malole, akhoza kuganiza kuti, “Lachiwiri, chiwiri, `segunda`,” n'kulemba Lolemba osadziwa. Pamenepo mbali ya Chingerezi ikunena Lachiwiri, ya Chipwitikizi ikunena Lolemba, ndipo aliyense akuwerenga mbali yake yokha, palibe woona kuti zasemphana. N'chifukwa chake dzina la tsiku ndi deti ziyenera kuyendera limodzi. Wowerenga akaona Lolemba pa 7 Julayi n'kuyang'ana pakalendala, amadziwa kuti penapake palakwika ndipo amafunsa.

Uthenga wa mayiyu ukhoza kukhala waufupi chonchi:

```
Automatic reply / Resposta automática

I return on Tuesday, 7 July 2026.
Urgent cargo matters: katundu@example.com

Regresso na terça-feira, 7 de Julho de 2026.
Assuntos urgentes de carga: katundu@example.com
```

Mzere woyambawo ndi umene unasowa ku Swansea. Ukunena m'zilankhulo zonse ziwiri kuti yankholi ndi la makina, ndipo uli pamalo a mutu wa kalata, pamene munthu amaona asanatsegule n'komwe. Kufupika kwa uthengawo nakonso n'kwadala. Ambiri amawerenga imelo pafoni, ndipo ngati chilankhulo choyamba chatenga ndime zitatu za malonje ndi kupepesa, wachilankhulo chachiwiri amatseka asanafike pake. Amene makasitomala ake ambiri ndi a kuno kwathu angaike Chichewa m'malo mwa Chipwitikizi, ulemu wake osausiya: “Zikomo potilembera. Ndidzayambanso ntchito Lachiwiri pa 7 Julayi 2026. Ngati nkhani yanu ndi yachangu, lemberani ku adiresi ili m'munsiyi.”

Za munthu wogwirizira ntchito n'zimene ambiri amazichita mwachisawawa. Amangolemba dzina la mnzawo wa desiki yoyandikana, nthawi zina osam'pempha n'komwe. Koma kulemba uthenga m'Chipwitikizi kuli ngati kulonjeza kuti amene mwam'tchulayo adzathandiza m'Chipwitikizi. Wa ku Beira akaimba foni n'kupeza munthu wongomva Chichewa ndi Chingerezi, uthenga wanu wam'namiza. Ngati pa ofesi palibe wina womva chilankhulocho, kuli bwino kunena poyera kuti wogwirizirayo amayankha m'Chingerezi, ndiponso kupereka imelo m'malo mwa nambala ya foni, chifukwa mawu olembedwa munthu angapite nawo kwa wina kuti amumasulire. Palibe cholakwika kutchula anthu awiri osiyana, mmodzi pa chilankhulo chilichonse, bola onse adziwe.

Kalendala ya wogwirizirayo nayonso iyang'anidwe. Tinene kuti kampaniyi ili ndi nthambi ku Beira, ndipo mayi wathu wasankha mnzake wa kumeneko. Pa 25 Juni, Lachinayi la sabata yoyamba ya tchuthi chake, ndi tsiku la ufulu wa Mozambique. Wolemba kalata tsiku limenelo adzatumizidwa kwa munthu amenenso salipo, mwina n'kulandira uthenga wachiwiri wa makina womubwezera kwa woyamba uja. N'chifukwa chake adiresi ya dipatimenti, imene anthu angapo amatsegula, imaposa ya munthu mmodzi. Mzere wina wothandiza ndi wonena ngati kalatayo yapitirizidwa kwa wogwirizira kapena ayi. Uthenga woyankha wokha supititsa kalata kulikonse. Ambiri amaganiza kuti poti alandira yankho, wina waiona nkhani yawo, pomwe kalatayo yangokhala m'bokosi kudikira mwini wake.

Kuika uthengawo pamakina sikutenga nthawi. Pa Gmail mumalowa ku `Settings`, kenako `See all settings`, n'kutsika mpaka pa `Vacation responder` (pa makina ena palembedwa `Out-of-Office AutoReply`). Pali malo a `First day` ndi `Last day`. Apa m'pamene ambiri amaphonya: `Last day` si tsiku lobwerera, ndi tsiku lomaliza limene makina aziyankha, ndipo amayankha mpaka pakati pa usiku. Mayi wathu aike 6 Julayi. Akaika 7, ndiye kuti tsiku lonse la Lachiwiri, iye ali pampando, makina azikhala akuuza anthu kuti kulibe. Gmail siyankha kalata iliyonse: munthu yemweyo akalembanso, amalandiranso uthengawo pakapita masiku 4, kapena mwini akausintha.

Pa Outlook ya kuntchito, mumapita ku `File` kenako `Automatic Replies`. Kumeneko kuli mabokosi awiri, `Inside My Organization` ndi `Outside My Organization`, loyamba la anzanu a pakampani, lachiwiri la anthu akunja. Mabokosiwa amasiyanitsa anthu potengera adiresi yawo, osati chilankhulo, choncho bokosi la akunja ndi limene likufunika zilankhulo zonse ziwiri. Ndi bokosi lomwelinso limene limaiwalika. Makina amasunga mawu a ulendo wapita, ndiye munthu amakonza deti m'bokosi loyamba n'kuyatsa, osadziwa kuti makasitomala akuuzidwa za tchuthi cha Khirisimasi yapita. Ngakhale m'bokosi limodzi, chimene chimatsalira kawirikawiri ndi chilankhulo chachiwiri, chifukwa mwini amachiwerenga movutikira ndipo maso amangochidumpha. Kuti mudziwe, dzilembereni nokha kuchokera pa adiresi ina yakunja musanatseke kompyuta, n'kuwerenga yankholo kuyambira pansi. Pa Outlook mwayi woyesa ndi umodzi pa adiresi iliyonse, poti imayankha munthu kamodzi kokha kufikira mutazimitsa n'kuyatsanso.

Chifukwa chochokera sichifunika kulembedwa. Uthengawu umapita kwa aliyense, ngakhale akuba a pa intaneti, ndipo kuwauza kuti muli ku Joni ndi banja lonse n'kuwauza kuti kunyumba kulibe munthu, komanso kuti angalembere wogwirizira wanu akunamizira kuti ndinu.

Tchuthi n'chosavuta chifukwa tsiku lobwerera limadziwika. Maliro ndi matenda sapangana ndi munthu. Uthenga ukafika usiku kuti kumudzi kwagwa zovuta, palibe amadziwa ngati mwambo utha Lachitatu kapena achibale akhalira kukambirana mpaka Loweruka. Ambiri pamenepa amalemba kuti “ndibwera posachedwa”, mawu amene sathandiza munthu amene kontena yake ili ku Beira. Chotheka ndi kulemba tsiku lakutali limene mukutsimikiza, monga Lolemba lotsatira, n'kuonjeza kuti zonse zachangu zipite kwa wogwirizira. Mukabwera msanga mumangozimitsa. Zinthu zikatalika, mumasintha deti pafoni muli kumudzi komweko, mbali zonse ziwiri, kuyambira ya pansi ija.