Nsapato yomwe sichoka m'maso

Mukamasakasaka katundu pa foni ya Android, n'kukhudza kachithunzi ka nsapato pakati pa tinzake tambirimbiri, nthawi zina kachithunziko kamanyamuka, kukwera m'mwamba kwinaku kakukula, mpaka kudzaza theka la sikirini. Mtengo ndi saizi zimatulukira pansi pake. Mwalowa patsamba lina, koma diso silinasiyane ndi nsapatoyo, ndiye simukayika ngati mwatsegula yolondola.

Komatu palibe chithunzi chimene chasamuka. Zithunzizo ndi ziwiri: chaching'ono pamndandanda, chachikulu patsamba lachiwiri. Chozigwirizanitsa ndi dzina basi. Kuyambira mu 2014, pomwe Google idatulutsa Android 5.0, wopanga pulogalamu amatha kuzipatsa zonse ziwiri dzina limodzi:

```java
chithunzi.setTransitionName("nsapato_17");
```

Mukakhudza, foni imayeza pomwe kachithunzi kali ndi kukula kwake. Kenako imatenga chachikulu chija, kuchifinya kuti chikwane ndendende pamalo a chaching'ono, n'kuchisiya kuti chifutukuke kupita pamalo pake. Ngati wopanga sadasinthe, ulendowu umatenga mamilisekondi 300. Pa sikirini yojambula maulendo 60 pa sekondi, amenewo ndi masitepe 18 okha, oyandikana kwambiri moti diso limangoona chinthu chimodzi chikuyenda. Mukabwerera m'mbuyo, chimatsata njira yomweyo kukakhala pomwe chidachokera.

Nambala 17 ija ili ndi ntchito. Nsapato zonse pamndandanda zikapatsidwa dzina lofanana, pobwerera chithunzi chitha kukatera pa nsapato ina.

Vuto lenileni ndi nthawi. Chithunzi chachikulu nthawi zambiri chimachokera pa intaneti, ndipo netiweki ikamavuta, tsamba limatseguka icho chisanafike. Foni imayeza bokosi lopanda kanthu, mwina lomwe kutalika kwake sikunadziwike n'komwe. Mumaona kuphethira, kapena bokosi loyera likuuluka, nsapato n'kudzatulukira mochedwa. Opanga odziwa ntchito amalamula foni kuti idikire kaye ndi `postponeEnterTransition()`, ndipo chithunzi chikakonzeka amaimasula ndi `startPostponedEnterTransition()`. Koma apa pali msampha: chithunzi chikalephera kubwera, lamulo lachiwirilo osaperekedwa, sikirini imangouma ngati foni yafa. Ine ndimaona kuti nzeru yabwino ndi kuyamba ulendo ndi kachithunzi kakang'ono komwe kali kale m'foni, ngakhale kaoneke kachimbuuzi kakakula, chowala bwino chidzalowe m'malo chikafika. Munthu amapirira chimbuuzi cha kamphindi kusiyana ndi foni yosayankha.

Mutha kudzionera nokha. Pa `Developer options`, sinthani `Animator duration scale` ikhale `10x`, ndipo mamilisekondi 300 aja asanduka masekondi atatu. Yang'anitsitsani poyambira ndi pothera. Chithunzi chikadumpha mwadzidzidzi, kawirikawiri ndiye kuti chaching'ono chidadulidwa m'mbali kuti chikwane m'kabokosi pomwe chachikulu n'chathunthu, ndipo wopanga sadauze foni kuti isinthe kadulidweko pang'onopang'ono. Mukatha, bwezerani pa `1x`.