Kalata yopempha masiku ena operekera ntchito kukoleji

Anzanga a Fomu 4, ena mwa ife chaka chamawa tidzakhala tili kukoleji. Kumeneko alekichala akati asayimenti ifike Lachisanu, ndiye kuti ndi Lachisanu lomwelo. Ukachedwa, ena amakudula malikisi, ena salandira n'komwe, chonsecho malikisi amenewo amawaphatikiza ndi a mayeso omaliza. Nanga ukadwala kapena kwanu kukagwa zovuta? Umalemba kalata. Ndinafunsa achemwali anga amene ali kukoleji mmene amailembera, ndipo zimene ndinatolapo ndi izi.

Kalatayo izifika tsiku lopereka ntchito lisanakwane. Ikafika litadutsa, alekichala amayamba kukayika kuti mwina wangopeka nkhani poona kuti zakuthina. Ngati uthenga wa maliro wakupeza usiku ndipo ukunyamuka m'mamawa, tumiza mizere iwiri pa imelo uli m'minibasi momwemo, n'kunena kuti kalata yonse ikubwera. Kuuza mtsogoleri wa kalasi pakamwa kuti “mukandinenereko” sikokwanira, chifukwa mawu apakamwa sasiya umboni.

Koma penipeni pamene pagona nkhani ndi pa masiku. Osangoti “ndipatseniko nthawi pang'ono”. Pang'ono ndi masiku angati? Werenga masiku amene atayike, upemphe omwewo, ndipo utchule deti lake. Tiyerekeze kuti ntchito ikufunika Lachisanu pa 14 Malichi, ndipo Lolemba pa 10 wamva kuti mayi ako aang'ono atisiya. Lachiwiri uli pa ulendo, Lachitatu ndi tsiku loika maliro, Lachinayi sungangonyamuka achibale asanabalalike, ndiye ukubwerera Lachisanu. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndi masiku 5. Ukawonjezera masiku 5 pa 14 ukupeza pa 19, lomwe ndi Lachitatu. Ukapempha mwezi wathunthu adzakukanira, komanso ukachita manyazi n'kupempha tsiku limodzi lokha, udzakakamizika kulembanso kalata yachiwiri, imene kawirikawiri salandira ndi manja awiri.

Kukoleji kalatayi imalembedwa m'Chingerezi, koma pano ndaiika m'Chichewa kuti tione mafupa ake. Pamwamba pakhale adiresi yako, deti ndi adiresi yawo, monga tinaphunzirira kalata yantchito.

Okondedwa Aphunzitsi,

PEMPHO LOTI NDIPEREKE ASAYIMENTI YACHIWIRI PA 19 MALICHI

Ndine wophunzira wa chaka choyamba m'kalasi yanu ya masamu. Lero pa 10 Malichi ndalandira uthenga woti mayi anga aang'ono, amene anandilera kuyambira ndili Sitandade 3, amwalira. Ndikunyamuka mawa ndipo ndidzabwerako pa 14, tsiku lomwe ntchitoyi ikufunika. Pa mafunso asanu ndayankha kale awiri. Ndikupempha kuti mundilole kudzapereka yonse Lachitatu pa 19 Malichi. Pobwera ndidzatenga kalata ya amfumu ngati umboni.

Ine wophunzira wanu,
(dzina ndi nambala yako ya pasukulu)

Taonani mawu akuti “amene anandilera”. Pa Chingerezi mayi aang'ono, mayi aakulu ndi azakhali onse amatchulidwa ndi liwu limodzi, ndiye wowerenga sangadziwe kuti munthuyo anali ndani kwa iwe. Mawu ochepa chabe amalongosola chifukwa chake sukanatha kukhala osapita. Kupitirira apo ayi. Za mmene anadwalira ndi mmene anthu akulirira kumudzi, zisiye. Alekichala ali ndi ophunzira ambirimbiri ndipo akufuna aone msanga chimene ukupempha. Nambala ija usaiwale, pajatu m'kalasi imodzi mutha kukhala a Banda angapo.

Pa matenda kawerengedwe n'komweko, umboni ndi umene umasintha. Ngati akupeza ndi malungo n'kukupatsa LA, mankhwalawo umamwa masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo thupi limatha kukhalabe lofooka ukamaliza. Kupempha masiku anayi kapena asanu n'komveka. Jambula tsamba limodzi lokha la buku lako la kuchipatala, pamene pali deti ndi zimene adokotala alemba tsiku limenelo. Masamba enawo ndi chinsinsi chako. Apa ine ndimaona kuti amene amangogula panado pagolosale n'kugona m'chipinda amadzipweteka yekha: akudwaladi, koma alibe pepala loonetsa.

Kalata ikapita, usaganize kuti kukhala chete kwawo ndiye kuvomera. Pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri osayankha, kumbutsa mwaulemu, ndipo ngati tsiku lija lafika yankho kulibe, pereka mafunso awiri unamaliza aja pamodzi ndi kope ya kalata yako. Ndipo kumbuka kuti kalata imeneyi ndi ya asayimenti basi. Ukaphonya mayeso omaliza a semesita, nkhaniyo nthawi zambiri imadutsa ku ofesi ya akuluakulu a koleji, motsata malamulo olembedwa m'buku la ophunzira limene amafotokoza ukangofika chaka choyamba.