Nyali Yoyenda pa Khoma Lojambula

Mu gemu ya Dead Cells, yomwe kampani ya Motion Twin ya ku Bordeaux m'dziko la France inatulutsa mu 2018, msilikali amathamanga m'ndende yamdima. Akamayandikira muuni wa pakhoma, mbali imodzi ya thupi lake imawala, ndipo akaudutsa kuwalako kumasamukira kumsana. Komatu msilikaliyo ndi chithunzi chafulati, chopanda kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni. Nanga kuwala kumadziwa bwanji pamene pali phewa ndi pamene pali chifuwa?

Yankho lili m'chithunzi chachiwiri chimene wosewera sachiona. M'mapulogalamu opangira magemu chimalembedwa kuti `normal map`, ndipo ntchito yake ndi kuuza kompyuta kumene kadontho kalikonse ka chithunzi, kapena kuti pikiselo, kayang'ana. Tingawatche mapu a koyang'ana. Wojambula wa Dead Cells, Thomas Vasseur, ankayamba waumba munthuyo ngati chidole cha mu kompyuta, kenako n'kutulutsa zithunzi zafulati za mayendedwe ake, chilichonse ndi mapu ake.

Mapuwa amaoneka odabwitsa, ofiirira mosakanikira ndi buluu, chifukwa mitundu yake si yokongoletsera. Pikiselo iliyonse imasunga manambala atatu, iliyonse kuyambira 0 kufika 255. Nambala ya mtundu wofiira imanena ngati malowo apendekera kumanzere kapena kumanja, ya wobiriwira imanena za kumwamba kapena pansi, ndipo ya buluu imanena mmene malowo ayang'anira kwa woonera. Malo osalala oyang'ana wosewera maso ndi maso amakhala 128, 128, 255. M'mphepete mwa mwala wopendekera kumanja ndi madigiri 45 mumakhala 218, 128, 218.

Kompyuta ikadziwa zimenezi, chotsala ndi lamulo lakale lomwe Johann Heinrich Lambert analifotokoza mu 1760: malo amawala kwambiri akayang'anizana ndi gwero la kuwala, ndipo amanka nazirala akamapendekera kumbali. Pa madigiri 60 kuwala kumatsala theka. Pa madigiri 90 kumatheratu. Masamu amenewa amachitika pa pikiselo iliyonse, nthawi zambiri ka 60 pa sekondi, n'chifukwa chake nyali ikasuntha chithunzi chimasintha nthawi yomweyo.

Pali nambala imodzi imene anthu ongoyamba kumene sailabadira, chonsecho ndi imene imasankha ngati chipinda chikhale choopsa kapena chabata. Nambalayo ndi kutalika kwa nyali. Ngakhale gemuyo ndi yafulati, nyali imayerekezeredwa kuti yalenjekeka patsogolo pa chithunzi, chakumene kuli wosewera. Mu pulogalamu yaulere ya Godot, nyali ya `PointLight2D` ili ndi malo olembedwa `Height` oikapo nambala imeneyi, ndipo imawerengedwa m'mapikiselo.

Titenge khoma la miyala, ndipo muuni uli mapikiselo 100 kumanja kwa mwala umodzi. Mwalawo uli ndi nkhope yosalala ndi mphepete ziwiri zopendekera madigiri 45, ina kumanja ina kumanzere. Tisawerengere kaye kuchepa kwa kuwala chifukwa cha mtunda. Kutalika kwa muuni kukakhala 400, nkhope ya mwala imalandira magawo 97 pa 100 a kuwala, mphepete ya kumanja 86, ya kumanzere 51. Mwala wonse ukuoneka, palibe chobisika, ndipo chipindacho chikukhala ngati malo oti munthu angapumemo.

Tsopano muuni utsike kufika pa 20, zina zonse zikhale momwemo. Nkhope ya mwala yatsala ndi magawo 20 okha, mphepete yoyang'ana muuni ili ndi 83, ya kumanzere ilibe kanthu. Khoma lomwe lija lasanduka timizere towala tolekanitsidwa ndi mdima, mng'alu uliwonse ukuoneka ngati chilonda. Aliyense amene anagundikiza tochi ya foni pakhoma magetsi atazima, n'kuona mabampu a pulasitala amene masana saoneka, wazionapo kale zimenezi. Wojambula sanakhudze chithunzi ngakhale pang'ono. Wasintha nambala imodzi basi.

Koma nyali singaoneke pamalo owala kale, choncho ntchito imayamba ndi kubweretsa mdima. Mu Godot amagwiritsa ntchito `CanvasModulate`, imene imadetsa chithunzi chonse ndi mtundu umodzi. Odziwa ntchitoyi sakonda mtundu wakuda bii, chifukwa wosewera amagwera m'maenje amene sakuwaona n'kuyamba kunyansidwa ndi gemuyo. Amasankha buluu woderako, kenako muuni n'kuupatsa mtundu wa lalanje. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kumakokera maso kumene kuli moto, ndipo wosewera amalowera komweko popanda muvi womulozera njira.

Moto weniweni sukhazikika, ndiye wa mu gemu nawo amauphethiritsa. Kukweza ndi kutsitsa mphamvu yake kokha kumaoneka ngati babu lotsala pang'ono kupsa. Chimene chimaupatsa moyo ndi kugwedeza malo a nyaliyo ndi mapikiselo awiri kapena atatu, chifukwa pamenepo mphepete zowala za miyala zimavina nawo. Apa m'pamene mapu aja amalipira thukuta la wojambula.

Zolakwika zake zimadziwika ndi maso. Chofala kwambiri ndi cha mtundu wobiriwira. Mapulogalamu sanagwirizane ngati nambala yaikulu ya wobiriwira itanthauze kumwamba kapena pansi: Godot ndi Unity amatsata kachitidwe ka OpenGL, pomwe Unreal imatsata ka DirectX. Mapu opangidwira mbali ina akalowa mbali inayo, kumanzere ndi kumanja kumakhala bwinobwino, koma nyali ikakhala pamwamba mwala umawala kunsi, ndipo zotumphuka zimaoneka ngati zolowa m'kati. Kuyesa kwake n'kosavuta: kuzungulitsa nyali imodzi mozungulira chinthucho n'kuona ngati mbali yowala ikuitsatira. Mankhwala ake ndi kutembenuza mtundu wobiriwira wokhawo. Vuto lofanana nalo limabwera munthu wa mu gemu akatembenukira kumanzere: chithunzi chikatembenuzidwa koma nambala ya wofiira osatembenuzidwa, amawala kumsana pomwe moto uli kumaso.

Vuto lina ndi la chizolowezi cha dzanja. Wojambula anaphunzira kuika mithunzi m'chithunzi chake, mwina ngati dzuwa likuchokera kumwamba chakumanzere. Nyali yoyenda ikafika kumanja, imawalitsa pamwamba pa mthunzi wojambulidwa kale, ndipo chithunzi chimaoneka chakuda ngati chosachapa. Chithunzi choti chiwalitsidwe motere chimafuna mitundu yopanda mithunzi yambiri, zimene ojambula ambiri zimawawawa mumtima, poti pachokha chimaoneka chosamalizidwa.

Kupanga mapuwo ndiye mtolo waukulu. Pulogalamu yaulere ya Laigter imawapanga kuchokera pa chithunzi, ndipo imathandiza pa miyala ndi matabwa, koma pa nkhope imangotupitsa chilichonse ngati pilo. Sprite Lamp imafuna kuti wojambula ajambule chinthucho chitawalitsidwa kuchokera mbali zingapo, monga kumwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja, ndipo zotsatira zake zimakhala zabwinopo, koma ntchito imachuluka pa chithunzi chilichonse cha mayendedwe. Apa njira ya Vasseur imaoneka nzeru zake, popeza chidole choumbidwa kale chimapereka mapu a chithunzi chilichonse popanda kujambulanso.

Ndipo mapuwa ali ndi malire. Sasintha mpangidwe wa kunja kwa chinthu, komanso saponya mthunzi: mzati ukhoza kuwala bwino mbali imodzi koma kuwala n'kumadutsa ngati palibe kanthu. Kuti mzatiwo utchinge muuni, mu Godot amauzunguliza ndi `LightOccluder2D`, mzere wosaoneka wotsata m'mbali mwake, n'kuyatsa mithunzi pa nyaliyo. Nyali iliyonse yoponya mithunzi imalemetsa makina, makamaka pa foni, choncho ndi bwino kupereka mithunzi ku nyali imodzi kapena ziwiri zofunika m'chipindamo, zotsalazo zizingowala.