Uthenga waufupi umene umasunga malo a wophunzira kwa dokotala ku Mangalande

Munthu wokulira ku Malawi amadziwa bwino njira yoonanirana ndi dokotala kuchipatala cha boma. Amalawirira m'mamawa, buku la kuchipatala lili m'manja, n'kukakhala pa benchi mpaka nthawi yake itakwana. Akalephera lero amapita mawa, ndipo palibe womufunsa kuti dzulo anali kuti.

Wophunzira akafika ku Mangalande amapeza kuti zinthu zimayenda mosiyana. Amene akukakhalako kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amalipiriratu ndalama ya zaumoyo pofunsira viza, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2024 wophunzira amalipira mapaundi 776 pa chaka. Akatero amalembetsa ku kachipatala ka m'dera lake, kwa dokotala wotchedwa GP, pansi pa bungwe la zaumoyo la NHS. Kumeneko safola pamzere. Amapatsidwa tsiku ndi ola, kawirikawiri mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zokha, ndipo mphindi zimenezo amazisungira iye yekha.

Tiyerekeze mtsikana wochokera ku Zomba amene akuchita digiri yachiwiri mumzinda wa Leeds. Chifuwa chamuvuta, wapempha apointimenti, ndipo wapatsidwa Lachiwiri m'mawa. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, foni yake ikulira, kwalowa uthenga wonga uwu:

```
Reminder: appointment on Tue 14 May at 9:40am.
Reply CANCEL if you cannot attend.
```

Mawu ake amasiyana malinga ndi chipatala, koma mfundo yake ndi imodzi. Uthengawu ukumukumbutsa za tsiku ndi ola, ndipo ukumuuza kuti ngati sabwera ayankhe ndi liwu limodzi lolembedwa m'zilembo zikuluzikululo. Pamenepa pali kanthu kamene ambiri sakaona: uthenga woterewu sukupempha wobwera kuti ayankhe. Kukhala chete kukutanthauza kuti afika. Zipatala zina zimafuna kutsimikizira, ndipo zimanena poyera kuti munthu alembe `YES` kapena `CONFIRM`, kapena adine ulalo umene uli mu uthengawo. Choncho ntchito yoyamba ndi kuwerenga mzere womalizawo modekha.

Tsopano mtsikana uja wazindikira kuti ola lomwelo ali ndi mayeso. Monga mwana woleredwa bwino, akuona kuti kuyankha akuluakulu a chipatala ndi liwu limodzi n'chipongwe. Ndiye akuyamba ndi moni, kufunsa ngati adzuka bwanji, kupepesa kawiri, kufotokoza za mayesowo, n'kumaliza ndi kunena kuti ayesetsa kubwera zikatheka. Kwathu uthenga wotere ndi waulemu, ndipo palibe cholakwika ndi mtima umene waulembetsa. Vuto ndi loti kumene ukupitako nthawi zambiri kulibe munthu. Mauthenga okumbutsawa amatumizidwa ndi makina, ndipo makinawo amayembekezera liwu limene anapempha lija. Akapanda kulipeza, apointimenti imakhalabe chilili. Manambala ena salandira n'komwe mayankho, ndipo amalemba okha kuti `Do not reply`.

Lachiwiri likakwana, dzina lake limaoneka pa kompyuta ya dokotala, mpando uli wopanda munthu, ndipo m'kaundula mumalembedwa zilembo zitatu, `DNA`, chidule cha mawu a Chingelezi otanthauza kuti sanabwere. Kwa GP wa NHS munthu salipitsidwa chindapusa chifukwa cha zimenezi, koma zikachitika kangapo zipatala zambiri zimalemba kalata yochenjeza, ndipo zina zimatha kumuchotsa m'kaundula. Nkhaniyi eni dziko samayitenga mopepuka. Mu Januwale 2019 bungwe la NHS ku England linanena kuti maapointimenti opitirira 15 miliyoni a m'zipatala za ma GP amapita pachabe chaka chilichonse chifukwa anthu sabwera ndipo sanena.

Yankho loyenera linali liwu lija lokha, `CANCEL`, lopanda moni, lopanda zikomo. Ndipo munthu amadziwa kuti zatheka akalandira uthenga wina wotsimikizira, kapena akaona pa `NHS App` kuti apointimenti ija yachoka pamndandanda. Ngati palibe chizindikiro chilichonse, aimbe foni kwa wolandira alendo pachipatalapo tsiku lisanafike.

Nthawi zina uthenga umapita kwa munthu weniweni, kudzera pa imelo kapena pa fomu ya pa intaneti. Apa ulemu uli ndi malo ake, koma wolandira alendoyo ali ndi anthu ambiri oti awathandize, ndipo amafuna zinthu zinayi basi: dzina monga linalembedwera polembetsa, tsiku lobadwa, tsiku ndi ola la apointimenti, ndi chimene wolembayo wasankha. Tsiku lobadwa n'lofunika chifukwa ndi limene amafufuzira munthu pa kompyuta, makamaka pamene dzina la Chimalawi analilemba molakwitsa poyamba. Wotsimikizira kuti abwera angalembe chonchi, n'kuika dzina ndi tsiku lobadwa pansi pake:

```
I confirm I will attend on Tue 14 May at 9:40am. Thank you.
```

Mtsikana wa mayeso uja, popeza chifuwa chikadalipo, sakufuna kungofafaniza ayi. Akufuna tsiku lina. Uthenga wake ukhale uwu:

```
I cannot attend on Tue 14 May at 9:40am.
Please rebook me. I am free after 2pm on weekdays.
```

Kusiyana kwa `cancel` ndi `rebook` kapena `rearrange` kumaoneka kochepa, koma n'kumene kumapweteketsa ambiri, makamaka pa apointimenti ya kuchipatala chachikulu. GP akatumiza munthu kwa katswiri, kudikira kwake kumatenga masabata kapena miyezi. Muyezo umene NHS ku England inadziikira ndi woti chithandizo chiyambe pasanathe masabata 18, ndipo ambiri amadikira kuposa pamenepo. Wolemba `cancel` yekha angamveke ngati akuti wachira ndipo sakufunanso thandizo. Wongosowa osanena kanthu angabwezedwe kwa GP wake kuti akayambirenso. Wophunzira wa kosi ya chaka chimodzi angabwerere kumudzi asanaonane ndi katswiriyo.

Mwezi ndi bwino kuulemba m'mawu. Ku Mangalande 04/05 ndi tsiku la 4 Meyi, monga momwe timalembera ku Malawi, koma ku Amereka manambala omwewo ndi 5 Epulo. Pa foni, Mngelezi akatchula theka ndi naini, kapena kulemba `half nine`, amatanthauza 9:30. Mawu akuti `I will try to come` ndi oti awapewe ndithu, chifukwa wolandira alendo sangatsegule malowo kwa wina, komanso sangadalire kuti munthuyo afika.

Chifukwa cholepherera sichifunika kuchifotokoza, ndipo za matenda siziyenera kulembedwa mu uthenga wotere. Zipatala zambiri zimapempha kuti munthu adziwitse kutatsala maola 24, ngakhale kuti kudziwitsa m'mawa wa tsiku lomwelo kumaposa kungokhala chete. Madokotala a mano ndi zipatala zolipira kawirikawiri amakhwimitsa kwambiri, ndipo olipitsawo amatha kufuna ndalama pa ola limene lawonongeka. Uthenga uliwonse wodzitcha wa NHS umene ukufuna nambala ya khadi la ku banki kuti utsimikizire apointimenti ya GP ndi wa akuba.

Wophunzira amene wangofika kumene achite chinthu chimodzi sabata yoyamba yomwe: akasiya simu ya kwawo n'kugula ya ku Mangalande, akapereke nambala yatsopanoyo kuchipatala chimene analembetsa. Akapanda kutero, uthenga wokumbutsa uja uzipita ku nambala imene sakuigwiritsanso ntchito.