Mwana akachita njirinjiri thupi likatentha

Kamwana ka chaka ndi theka kachezera thupi lili moto. M'mawa kali pamiyendo pa mayi ake, mwadzidzidzi kauma gwa, maso atembenuka, manja ndi miyendo zikugwedezeka, thovu likutuluka kukamwa. Patatha mphindi ziwiri, kugwedezeka kwaleka, kagona tulo tofa nato. Ola lisanathe kadzuka, kakulirira bere. Imeneyi ndiyo njirinjiri yobwera ndi kutentha thupi, ndipo si khunyu ayi.

Vutoli limagwira ana a miyezi 6 mpaka zaka 5. Pa msinkhu umenewu ubongo umakhala usanakhwime, choncho thupi likatentha kufika madigiri 38 kapena kuposa, timitsempha take timatha kutumiza mauthenga ambiri nthawi imodzi mosalongosoka, minofu n'kumangodzikoka yokha. Chimfine, matenda a m'khutu kapena zilonda zakukhosi n'zokwanira kuyambitsa zimenezi. Zimayendanso m'magazi: ngati bambo kapena mayi zinkawachitikira ali aang'ono, mwananso zingamuchitikire. Mwa ana atatu amene zawachitikira, mmodzi zimadzamubwereranso, koma ambiri amasiya akamakula, nzeru zawo zili bwinobwino.

Zikayamba, mugonekeni chammbali pamphasa, kutali ndi moto, kuti malovu ndi masanzi azitulukira kunja. Mumasuleni zovala, muyang'ane nthawi pafoni. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, pakuti lilime sangalimeze, koma mungamuthyole mano. Musamumwetse madzi kapena mankhwala asanatsitsimuke, angatsamwe. Musamupanikize, kumuthira madzi ozizira kapena kumufukiza utsi. Panado amathandiza kuti mwana apezeko bwino, koma saletsa njirinjiri.

Choopsa chenicheni nthawi zambiri ndi nthenda imene yatenthetsa thupilo. Kuno kwathu malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi amayambanso chimodzimodzi, ndipo kholo silingawasiyanitse ndi maso okha. N'chifukwa chake mwana aliyense amene wachita njirinjiri ayenera kukaonedwa kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale atadzuka n'kuyamba kusewera, kuti akamuyeze malungo.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, nyamukani pomwepo, chifukwa kukatalika sikuleka kokha msanga. Achipatala ali ndi mankhwala okuletsa, amene amabaya kapena kulowetsa kumbuyo. Thamanganinso ngati kukugwedezeka mbali imodzi yokha, ngati zabwereza pasanathe maola 24, kapena ngati ola latha mwana asanatsitsimuke. Chimodzimodzinso khosi likauma, liwombo likatupa, akamasanza chilichonse, akamakanika kuyamwa kapena kupuma, ndiponso ngati ndi khanda losakwana miyezi 6.

Mukafika, musaime pamzere. Auzeni achipatala kuti mwana wakomoka, mufotokoze kuti zinatenga mphindi zingati, zinagwira thupi lonse kapena mbali imodzi, ndi mankhwala amene wamwa kale. Mayankho atatu amenewa amathandiza dokotala kudziwa msanga poyambira.