Kiyi ikalowa mu Git, kufufuta sikuthandiza

Mu Okotobala 2022 kampani ya Toyota ku Japan inapepesa kwa makasitomala ake. Mbali ina ya pulogalamu yake ya T-Connect inali itaikidwa poyera pa GitHub kuyambira Disembala 2017, ndipo m'kati mwake munali kiyi yotsegulira seva yosunga maimelo a anthu pafupifupi 296,000. Palibe amene anathyola chitseko. Kiyi inangokhala pabwalo kwa zaka pafupifupi zisanu.

Kuti timvetse vutoli, tiyambe ndi Git. Iyi ndi pulogalamu imene olemba mapulogalamu amasungiramo mbiri ya ntchito yawo. Nthawi iliyonse munthu akalamula `git commit`, Git imasunga mmene mafayilo alili panthawiyo, ndipo zakale sizitayidwa. N'chifukwa chake anthu amaikonda: ukalakwitsa lero, ubwerera pa za dzulo. Koma kusaiwala komweko kumapweteka. Pasiwedi imene munailemba m'fayilo Lolemba n'kuifufuta Lachiwiri ikadalipo m'mbiri ya Lolemba, ndipo aliyense wokopera ntchitoyo ndi `git clone` amatenga mbiri yonse.

Njira yabwino ndi yakuti pulogalamu izidziwa dzina la chinsinsi chokha, osati chinsinsicho. Tiyerekeze kuti mwalemba pulogalamu ya sitolo m'chinenero cha Python, ndipo imafuna pasiwedi kuti ilowe mosungira maina a makasitomala. M'malo molemba pasiwediyo, mumalemba chonchi:

```
import os
pasiwedi = os.environ["DB_PASSWORD"]
```

Apa pulogalamu ikuuza kompyuta imene ikugwirapo ntchito kuti, ndipatse chimene wasunga pa dzina la `DB_PASSWORD`. Pa seva, pasiwediyo imaikidwa m'malo osungira zinsinsi a sevayo. Pa kompyuta yanu mumailemba m'kafayilo kotchedwa `.env`, ndipo chida monga `python-dotenv` ndicho chimakawerenga pulogalamu ikamayamba, chifukwa Python payokha sikatsegula.

Kafayilo kameneka sikayenera kulowa mu Git. Musanalembemo chilichonse, lembani dzina lake, `.env`, m'fayilo ya `.gitignore`, momwe mumakhala maina a zinthu zimene Git iyenera kuzilambalala. Anzanu ogwira nawo ntchito apatseni fayilo ina, `.env.example`, yokhala ndi maina okhaokha monga `DB_PASSWORD=`, kutsogolo kwake kopanda kanthu. Imeneyi ilowe mu Git popanda nkhawa, aliyense adzazamo zake.

Pali msampha umodzi umene umakola ambiri. `.gitignore` imagwira ntchito pa mafayilo okhawo amene Git sinayambe kuwasunga. Ngati `.env` inalowa kale, kulemba dzina lake pambuyo pake kuli ngati kutseka khola mbuzi itatuluka. Mungadziwe bwanji? Funsani Git yomweyo:

```
git ls-files .env
git log --all --oneline -- .env
```

Lamulo loyamba likatulutsa dzina la fayiloyo, ndiye kuti Git ikuisungabe. Lachiwiri likaonetsa mzere ngakhale umodzi, ndiye kuti inalowapo nthawi ina. Mukafuna kuti Git ileke kuisunga koma ikhalebe pa kompyuta yanu, lamulo lake ndi `git rm --cached .env`, kenako `git commit`.

Apa m'pamene ambiri amapumira, kuganiza kuti zatha. Sizinathe. Lamuloli lateteza za mawa zokha, mbiri yakale ili chikhalire. Chida cha `git filter-repo` chimatha kulembanso mbiri yonse n'kuchotsamo fayiloyo, koma sichingafike pa makompyuta a anthu amene anakopera kale. Komanso pa intaneti pali mapulogalamu a akuba amene amasanthula usana ndi usiku zonse zoikidwa poyera pa GitHub, kusaka makiyi, moti kiyi imatha kutoledwa pa mphindi zochepa chabe. Ngakhale ntchito yotsekedwa, yoonedwa ndi gulu lanu lokha, si malo obisamo kiyi: amene anabera Uber mu 2016 zambiri za anthu 57 miliyoni anapeza kiyi m'malo otsekedwa otere pa GitHub.

Madzi akatayika saoleka. Choncho chinthu choyamba si kukolopa mbiri ayi, koma kupha kiyi yakaleyo. Pitani kumene inachokera, pangani yatsopano, ikani yatsopanoyo pa seva ndi mu `.env`, ndipo yakale muithetse. Kenako yang'anani m'kaundula wa seva ngati wina anaigwiritsa ntchito panthawi imene inali pabwalo. Kuyeretsa mbiri kubwere pamapeto.

Masiku ano GitHub imatha kukana kulandira ntchito ikazindikira makiyi a mitundu yodziwika, ndipo chida cha `gitleaks` chingafufuze mafayilo anu `git commit` isanachitike. Koma zida zimenezi zimadalira kwambiri maonekedwe a kiyi, ndiye pasiwedi wamba imene munaipeka nokha ikhoza kudutsa. Mlonda womaliza ndi maso anu: musanasunge, lamulani `git diff --staged` ndipo muwerenge mzere uliwonse umene ukulowa m'mbiri yosaiwalayo.